Andiuza kuti ndiwonjezere ndalama nditalipira kale fani

"Abale ndithandizeni. Ndili ku Nchalo, ndaoda fani ya sola pa webusaiti ya shopu ina ya ku Blantyre. Mtengo unali K90,000, ndinalemba khodi yochotsera 15 peresenti, thiransipoti K6,000, ndipo ndinalipira K82,500 pa Airtel Money. Lero akundiimbira kuti ndiwonjezere K13,500 apo ayi satumiza. Ndiwonjezere?"

Achemwali, musatumize kaye ngakhale kwacha imodzi. Ndikudziwa kuti ndi kutentha kwa kuno ku chigwa munthu umangofuna faniyo ifike ugoneko tulo, ndipo woimbayo akudalira zomwezo.

Tawerengerani bwino. 15 peresenti ya K90,000 ndi K13,500, ndalama yomweyo imene akuitanitsa. Ndiye sikuti mtengo wa fani wakwera kapena thiransipoti yasintha, akungofuna kubweza kuchotsera kumene makina awo anavomera. Ukachotsa K13,500 pa K90,000 patsala K76,500, kuphatikiza K6,000 ndi K82,500 imene munalipira. Khodi ikanakanidwa, pa sikirini pakanaoneka K96,000. Umboni wanu woyamba ndi umenewo.

Tsopano fufuzani zinthu ziwiri mufoni mwanu: uthenga wa Airtel Money wosonyeza ndalama, tsiku ndi nambala ya malipiro, komanso uthenga kapena imelo ya shopuyo yotsimikiza oda, imene kawirikawiri imalembedwa Order confirmed. Zijambuleni zonse pa sikirini, pamodzi ndi chithunzi cha pulomoshoni ngati chikadalipo pa tsamba lawo, chifukwa nkhani ikavuta amathamangira kuchifufuta.

Kenako onetsetsani kuti wakuimbiraniyo ndi wa shopuyo ndithu. Akanena kuti yowonjezerayo mutumize pa nambala ina ya dzina la munthu, yosiyana ndi imene munalipirapo poyamba, kayikirani kwambiri. Dulani foniyo, muimbe nokha nambala yolembedwa pa webusaiti yawo. PIN yanu musauze munthu aliyense, ngakhale anene kuti akufuna kukubwezerani ndalama.

Akakhala eniake, lekani zokambirana pakamwa. Alembereni pa WhatsApp kapena imelo, mutchule nambala ya oda, tsiku ndi K82,500 imene analandira, ndipo muwapemphe akusonyezeni pamene panalembedwa kuti khodiyo sigwira pa fani imeneyi. Mwina adzati faniyo inali yotsitsidwa kale mtengo ndiye kuchotsera kuwiri sikuloledwa, kapena kuti khodiyo inali ya ogula koyamba okha. Malamulo otere amakhalapodi, koma amayenera kuoneka musanalipire, osati kutulukira ndalama zili kale m'thumba mwawo. Apatseni masiku atatu asankhe: atumize faniyo pa mtengo umene munalipira, kapena abweze K82,500 yonse, ya thiransipoti yomwe. Ndikuuzeni zoona, akakakamira kuti makina awo analakwitsa, kuwaumiriza kutumiza katundu n'kovuta. Koma kusunga ndalama zanu uku fani akuikaniza, zimenezo n'zosaloledwa. Musavomerenso zoti ndalamayo ikhale kwa iwo mudzagulire china mtsogolo ngati inu simukufuna.

Akapanda kuyankha, kadandauleni ku CFTC, bungwe la boma loona za mpikisano ndi chilungamo pa malonda. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira 2003, ndipo kukopa anthu ndi mtengo wina n'kuwalipiritsa wina ndi nkhani imene bungweli limalandira. Zithunzi zija ndi zimene adzakufunseni.

Kwa ena m'gulu muno amene khodi imawakanira asanalipire, mundimveko. Ine zinandionekera ndili ku Bangula. Ndinalemba khodi, mtengo unatsika, kenako netiweki inathawa. Itabwera, tsamba linatsegukanso mwatsopano khodi itachokamo, ine osazindikira, n'kulowetsa PIN pa mtengo wonse. Nditadandaula anandiyankha kuti oda yanga inalibe khodi, ndipo ndinalibe chithunzi chowatsutsira. Chiyambire tsiku limenelo, ndikalemba khodi ndimadina Apply, n'kuyang'ana mzere wa Total ngati watsikadi, ndimaujambula, kenako ndimafananitsa ndi ndalama imene foni ikundifunsa ndisanaike PIN. Zikasiyana ndimasiya pomwepo.

Khodi ikakana, onani ngati simunasokoneze chilembo O ndi nambala 0, kapena ngati pokopera sipanalowe mpata kumapeto. Onaninso tsiku lothera, ndi ndalama yochepetsetsa imene akufuna kuti mugulire, poti nthawi zambiri ya thiransipoti saiwerengera pamenepo. Ndipo netiweki ikaduka mutaika kale PIN, musalipirenso msangamsanga. Dikirani uthenga, muone balansi yanu, chifukwa malipiro oyamba aja akhoza kukhala atadutsa kale.

Achemwali, akakuyankhani mutiponyere muno zimene alembazo tione limodzi musanawayankhe.