Duku lofiira lathawira kuti pa tisheti?

"Achimwene, ine ndimasindikiza matisheti pano pa Kasungu boma. Kalabu ina ya alimi a soya yandipatsa chithunzi chojambula: mayi waima m'munda, wavala duku lofiira, kumwamba kuli thambo. Mtundu uliwonse umafuna sikirini yake yosindikizira ndipo ndalama zawo zikukwana masikirini anayi basi. Mchimwene wanga anandiikira kapulogalamu ka k-means kochepetsera mitundu. Nditalemba 4, duku lija linasanduka bulauni ngati dothi. Nditalemba 5, kanagawa thambo pawiri, duku osabwerera. Kodi kawonongeka?"

Achemwali, kapulogalamuko kali bwinobwino. Kungoti inu mumaona duku, iko kamawerenga madontho, ndipo madontho a dukulo ndi ochepa zedi.

Mukakulitsa chithunzi kwambiri pa kompyuta mumaona timabokosi ting'onoting'ono, aja amati mapikiseli. Ine ndiziti madontho. Dontho lililonse ndi manambala atatu: kuchuluka kwa kufiira, kwa girini ndi kwa buluu, iliyonse kuchokera pa 0 kufika pa 255. Kuchulukitsa 256 katatu kumapereka mitundu 16,777,216. Ntchito yomwe mwaipatsa kompyuta ndi yakuti mwa mitundu yonseyo isankhe inayi yokha, kenaka dontho lililonse ilipake mtundu umene layandikana nawo kwambiri mwa inayiyo.

Kasankhidwe kake ndimakonda kukafanizira ndi nkhani ya mijigo. Tiyerekeze kuti kudera lina cha ku Chamama kwabwera thandizo la mijigo inayi, ndipo pakufunika kuti anthu onse pamodzi aziyenda mtunda wochepa pokatunga madzi. Mwayamba mwangokhoma zikhomo zinayi paliponse. Banja lililonse mwaliuza kuti lilembetse ku chikhomo chomwe lili nacho pafupi. Magulu anayi apangika. Ndiye mwazula chikhomo chilichonse n'kukachikhoma pakati penipeni pa nyumba za gulu lake. Zikhomo zikasuntha, mabanja ena a m'malire apeza kuti tsopano ayandikira chikhomo china, ndiye asintha gulu. Mwazulanso, mwakhomanso pakati. Mukapitiriza choncho ifika nthawi yoti palibe banja losintha gulu, ndipo pamene paima zikhomo m'pomwe pakumbidwe mijigo.

Basitu k-means ndi imeneyo. Nyumba ndi madontho, zikhomo ndi mitundu yosankhidwa, chilembo k ndi nambala ija mumalemba. "Pakati" ndi avareji: kuwonkhetsa kufiira kwa madontho onse a m'gulu n'kugawa ndi chiwerengero chawo, chimodzimodzinso girini ndi buluu. Njirayi si yatsopano. Stuart Lloyd anaikonza mu 1957 ku Bell Labs ku America pofufuza za katumizidwe ka mauthenga, ngakhale kuti inadzasindikizidwa mu 1982, ndipo dzina loti k-means analigwiritsa ntchito koyamba ndi James MacQueen mu 1967.

Tsono taganizirani agogo amene anamanga okhaokha kutsidya kwa dambo. Mjigo sungapite kwa iwo. Aziyenda mtunda wautali ndithu, koma ndi munthu mmodzi, ndipo powonkhetsa maulendo a mudzi wonse, ulendo wawo sumveka. Duku lanu ndi agogo amenewo.

Chithunzi chanu sindinachione, choncho manambala otsatirawa ndangopeka kuti tiwerengere, koma sangatalikire kwambiri. Titi chili ndi madontho 1,000,000. Thambo latenga 400,000, munda 350,000, dothi ndi khungu la mayiyo 200,000, bulauzi yoyera 40,000, duku 10,000. Bulauni wa dothi titi ndi 120, 80, 50, ndipo kufiira kwa duku ndi 200, 30, 40.

Mutalemba 4, zikhomo zinapita ku thambo, munda, dothi ndi bulauzi. Duku linalembetsa ku dothi poti ndicho chikhomo chapafupi. Avareji ya kufiira m'gulu limenelo imakhala chonchi:

```
(200000*120 + 10000*200) / 210000 = 123.8
```

Mukachita chimodzimodzi ndi manambala awiri enawo mupeza mtundu wa 124, 78, 50. Kusiyana kwake ndi bulauni woyamba uja diso silingakuone n'komwe. Duku lonse lathunthu langosuntha chikhomo ndi manambala anayi, n'kumira.

Zimene zinachitika mutalemba 5 ndiye zosangalatsa kwambiri, chifukwa m'pamene munthu amaonera chomwe kompyuta ikusamala. Imayeza kulakwitsa kwake motere: pa dontho lililonse imaona kusiyana kwa mtundu weniweni ndi mtundu umene yalipatsa, nambala iliyonse mwa zitatu zija n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, kenaka n'kuwonkhetsa. Pakati pa duku ndi dothi pali kusiyana kwa 80, 50 ndi 10. Ndiye kuti 6,400 kuphatikiza 2,500 kuphatikiza 100, zonse 9,000 pa dontho limodzi. Ndi kulakwitsa kwakukulu, koma pa madontho 10,000 okha, pafupifupi 90 miliyoni.

Nanga thambo? Ojambula ambiri sapaka thambo buluu mmodzi, kumwamba amadetsako, chakumunsi amawalitsa. Titi theka ndi 90, 150, 220 ndipo theka lina ndi 130, 180, 235. Mukawapatsa chikhomo chimodzi pakati pawo, dontho lililonse likulakwika ndi 681 yokha basi, diso lanu silingadandaule. Koma madonthowo alipo 400,000, ndiye zonse pamodzi zikupitirira 272 miliyoni. Chikhomo chachisanu chikabwera, kompyuta ili ndi mwayi wochotsa 272 miliyoni kapena 90 miliyoni. Inuyo mukanasankha ziti? Duku likanadikira mpaka mutalemba 6, ndipo alimi aja alibe ndalama ya masikirini asanu ndi limodzi.

Chochita choyamba n'chosafuna masamu. Matishetiwo ngati ali oyera, kuyera simulipira, nsalu yomweyo ndiyo bulauzi ya mayi uja. Ndiye lembani 5 osaopa: buluu, girini, bulauni ndi kufiira ndiwo masikirini anu anayi, wachisanu ndi waulere.

Chachiwiri, poti kulemba 5 kokha sikunabweze duku, musailole kompyuta kukhoma yokha zikhomo zoyambira. Paja njirayi siyang'ana dera lonse kufuna malo abwino koposa, imangosuntha chikhomo chilichonse kuchokera pamene chinayambira mpaka chitakhazikika. Anthu a masamu amati chimenechi ndi chofooka chake, ndipo n'chifukwa chake mukayendetsa kawiri pa chithunzi chomwecho nthawi zina mumapeza mitundu yosiyana. Mu 2007 David Arthur ndi Sergei Vassilvitskii anabweretsa k-means++, yomwe imayesetsa kumwaza zikhomo zoyambira motalikirana, ndipo ndiyo imene scikit-learn, phukusi la mapulogalamu a m'chilankhulo cha kompyuta cha Python, imagwiritsa ntchito mukapanda kuiuza china. Komatu kwa inu chofookacho ndi mwayi. Mukakhoma nokha chikhomo pa kufiira, madontho a duku alembetsa pomwepo, avareji yawo ikhala kufiira komweko, chikhomo sichisuntha. Ngati kapulogalamu ka achimwene anuko kanalembedwa mu Python ndi scikit-learn, auzeni asinthe chonchi:

```python
poyambira = np.array([[110,165,228], [60,130,60],
    [120,80,50], [245,245,240], [200,30,40]])
km = KMeans(n_clusters=5, init=poyambira, n_init=1).fit(madontho)
```

Manambalawo musakopere anga. Tsegulani chithunzi mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP, tengani kachida kotolera mtundu kaja, dinani pa thambo, pa munda, pa dothi, pa bulauzi ndi pa duku, mulembe zomwe kakuonetsani. Ngati zolembalembazi zikuvutani, njira ina ndi kupakiratu thambo lonse buluu mmodzi musanachepetse mitundu. Mukatero 272 miliyoni ija yatha, ndipo duku ndilo latsala pamzere. Kungoti mukasiya kompyuta kusankha yokha poyambira, yendetsani kangapo, chifukwa ulendo wina ikhoza kuliphonyabe.

Pali vuto lina lomwe simunafunse koma mukumana nalo. Ngati chithunzicho anakutumizirani pa WhatsApp monga chithunzi wamba, chinafinyidwa kukhala JPEG, ndipo JPEG imasiya timadontho tamitundu yachilendo m'mphepete mwa chinthu chilichonse. Ngakhale chisanafinyidwe, mapulogalamu ojambulira amasakaniza mitundu m'malire kuti mizere isaoneke ngati mano a sowo. Pamene duku lofiira lakumana ndi thambo la buluu pamakhala kamzere ka madontho osakanikira, osati ofiira, osati a buluu. Pochepetsa mitundu, madontho amenewa amalembetsa ku chikhomo chapafupi, ndipo ena amakagwera ku bulauni. Zotsatira zake duku limazunguliridwa ndi kamzere kabulauni kodukaduka komwe wojambula sanajambule. Ine zinandichitikira ndi chikwangwani cha mpingo wina: pa kompyuta sindinakaone, ndinadzakaona inki itauma kale pa nsalu. Chiyambire tsiku limenelo ndimakulitsa chithunzi mpaka 400% n'kuyendera malire onse ndisanawotche sikirini. Apempheni alimiwo atumize fayilo yoyambirira ya PNG monga `Document`, yaikulu momwe angathere, kuti kamzereko kakhale kopyapyala kosavuta kufufuta. Ndipo mukaona paliponse palembedwa `dithering`, zimitsani. Imeneyo imamwaza timadontho ta mitundu iwiri kuti diso lione wachitatu. Pa chithunzi cha kamera imathandiza, koma pa chojambula chosalala ngati chanu imangodetsa ngati mchenga.

Mwina achimwene anu amvapo zoti mitundu aziyeza mu `Lab` m'malo mwa `RGB`, manambala atatu aja a kufiira, girini ndi buluu. N'zoona kuti zimathandizako. Kayezedwe ka `Lab` kanakhazikitsidwa mu 1976 n'cholinga chakuti mtunda wa pakati pa manambala uzifananako ndi kusiyana komwe diso la munthu limaona. Koma musayembekezere kuti kokhako kabweza duku, poti madontho 10,000 akhalabe 10,000.

Mitundu isanu ija ikatuluka, musaitenge ngati lamulo. Ndi maavareji, ndipo avareji ya mitundu yosiyana imakonda kuzilala, girini wa munda amatuluka wotuwirako kuposa amene wojambula anapaka. Chimene k-means yakuchitirani chenicheni ndi kugawa chithunzi m'zigawo, kuti ichi n'cha sikirini iyi, icho n'cha iyo. Chigawo chilichonse mudzachisindikiza chakuda pa pepala loonekera powotcha sikirini, ndipo pamenepo manambala aja alibenso ntchito. Girini wake mudzasakaniza nokha m'chitini, mukuyang'ana chojambula choyambirira, n'kuyesa kaye pa kansalu mpaka kataumiratu.