Pakati pa mafunso anayi pali lofunsa "labwino ndi liti": liyankhidwe bwanji?

Funso: Aphunzitsi, mng'ono wanga wanditumizira mafunso anayi osagwirizana mu uthenga umodzi. Febuluwale wa 2028 adzakhala ndi masiku angati? Kilomita imodzi ndi mamita angati? Babu labwino ndi liti, la LED kapena lakale lija lokhala ndi kawaya mkati? Madzi amawira pa madigiri angati? Iye amakhulupirira zonse zimene ndamuuza. Ndilembe bwanji m'Chichewa kuti asatenge maganizo anga ngati zoona zenizeni?

Yankho: Mafunso atatu mwa anayiwo ayankheni mosakuluwika. Febuluwale wa 2028 adzakhala ndi masiku 29, chifukwa chakacho chimagawika ndi 4. Kilomita imodzi ndi mamita 1,000. Madzi amawira pa madigiri 100 a Seleshasi pamalo otsika olingana ndi nyanja yamchere, ndipo pamwamba pa mapiri amawira asanafike pamenepo. Musaikepo "ndikuganiza kuti" kapena "mwina" pa mayankho amenewa. Ambiri timatero pofuna kudzichepetsa, koma mukalemba kuti "ndikuganiza kuti ndi mamita 1,000", mawu oti "ndikuganiza" mwawatha mphamvu. Mukadzawagwiritsa ntchito pa babu, pamene akufunikadi, mng'ono wanu adzangowaona ngati ulemu wanu wa masiku onse.

Ntchito ili pa funso lachitatu, ndipo malo amene lakhala ndi amene akulipangitsa kukhala loopsa. Wowerenga akalandira "masiku 29" kenako "mamita 1,000", khutu lake lazolowera kuti zimene zikubwera n'zosakayikitsa. Mukatsatiza ndi "la LED ndiye labwino", chiganizocho chimamangidwa mofanana ndi zinzake: dzina, kamawu koti "ndi", kenako yankho. M'kapangidwe kake mulibe chosonyeza kuti apa mwasiya kuwerengera ndipo mwayamba kusankha. Choncho chizindikiro muyenera kuchiika nokha.

Tsinde loti "-bwino" silinena kuti chinthu chayezedwa ndi chiyani. Babu lingakhale labwino pa kusunga magetsi, pa kukhalitsa, pa kuwala kosapweteka maso, kapena pa kutentha kumene limatulutsa. Wofunsa sananene, ndipo woyankha akangoti "labwino ndi ili" wadzisankhira yekha muyezo mwakachetechete. Njira yosavuta yodziwira mtundu wa chiganizo chimene mwalemba ndi kudzifunsa kuti: anthu awiri osagwirizana atayeza aliyense payekha, angapeze yankho limodzi? Ngati angapeze, ndi mfundo yotsimikizika. Ngati angayeze molondola onse awiri koma n'kumatsutsanabe, ndi maganizo. Dziwaninso kuti mfundo yoyezeka ikhoza kukhala yolakwika. Wina akati kilomita ndi mamita 500 sanapereke maganizo ake, wangolakwitsa, ndipo amakonzedwa ndi muyezo.

Poyerekeza zinthu ziwiri, Chichewa chimagwiritsa ntchito "kuposa", "kusiyana ndi" kapena "poyerekeza ndi". Mawu amenewa paokha alibe mbali. Chimene chimasiyanitsa ndi mneni kapena mfotokozi amene ali kumbuyo kwawo. "Babu la LED limakhalitsa kuposa lakale" n'chiganizo choyezeka, chifukwa maola amawerengeka. "Babu la LED ndi labwino kuposa lakale" chili ndi "kuposa" yemweyo, koma palibe choyezera. Ndiye gawo loyamba la yankho lanu likhale la aneni oyezeka okhaokha: kukhalitsa, kutentha, kugwiritsa ntchito mawati.

Tiyeni tilimange. Babu la LED la mawati pafupifupi 9 limawala molingana ndi lakale la mawati 60. Mukamaliyatsa maola 5 usiku uliwonse, pa masiku 30 amakwana maola 150. Lakale limatha mayunitsi 9 a magetsi pa nthawi imeneyo, pamene la LED limatha yunitsi imodzi ndi pang'ono, 1.35. Izi lembani mwachindunji, popeza mng'ono wanu akhoza kuchulukitsa yekha n'kupeza zomwezo. Onjezani kuti mphamvu yambiri imene babu lakale limakoka imasanduka kutentha, osati kuwala, n'chifukwa chake silikhudzika likayaka kwa kanthawi.

Pa kukhalitsa pamafunika chida china. Babu lakale limakhala maola pafupifupi 1,000. Pa la LED, manambala monga maola 15,000 amachokera kwa opanga, ndipo inu simunakhale pansi kuwerenga maolawo. Apa lembani kuti "opanga amalemba pa katoni kuti limakhala maola 15,000". Mwanena zoona, chifukwa alembadi, koma mwasonyezanso mwini wake wa nambalayo. Musafupikitse n'kungoti "akuti limakhalitsa". Kamawu koti "akuti" kamachotsa udindo pa inu popanda kuupereka kwa munthu wodziwika, ndipo wowerenga sadziwa ngati anena ndi opanga, amisiri a magetsi kapena anthu ongocheza. Ngati mukudziwa amene ananena, mutchuleni. Ngati mfundoyo ilibe mwini, ndi bwino kuisiya.

Pali timawu tina timene timalowetsa maganizo m'chiganizo chooneka ngati cha manambala, ndipo apa m'pamene ngakhale olemba ozolowera amaterereka. Taonani kusiyana kwa "limakhala maola 1,000" ndi "limangokhala maola 1,000". Nambala sinasinthe, koma "-ngo-" wagamula kale kuti maolawo ndi ochepa. "Chabe" ndi "basi" amachitanso chimodzimodzi akaikidwa pambuyo pa nambala. Mneni nayenso amatha kunyamula chigamulo: "limagwiritsa ntchito mawati 60" akungofotokoza, pamene "limawononga magetsi" akudzudzula. Sindikunena kuti mawu amenewa ndi oipa. Ndi Chichewa chokoma, ndipo pocheza timawafuna. Koma malo awo ndi m'gawo la maganizo, osati pamene mwalonjeza kuti mukupereka zoyezeka.

Chenjeraninso ndi "-ma-" wa chizolowezi. Timamugwiritsa ntchito ponena zinthu zosasintha, monga "madzi amawira", ndipo chifukwa cha zimenezi chiganizo chilichonse chokhala ndi "-ma-" chimamveka ngati lamulo la chilengedwe. "Kuwala kwa LED kumatopetsa maso" kukumveka kolimba ngati kuwira kwa madzi, chonsecho mwina ndi inu amene mumatopa nako. Kukonza kwake n'kochepa: ikani mwini wake mkati mwa mneni, "kumanditopetsa maso". Kachidutswa ka "-ndi-" kabweza nkhaniyo kwa inu.

Mawu otsindika monga "ndithu", "zedi", "-di" ndiponso "n'zodziwikiratu" amakweza mawu, koma sawonjezera umboni. "Ndi labwinodi" akadali maganizo. Kumbali inayo, "labwinoko" ndi "bola la LED" amafewetsa chigamulo, koma chigamulo chikadalipo, ndipo muyezo sunatchulidwebe.

Mukatha zoyezeka, musathamangire kunena chimene inu mungasankhe. Pali sitepe yapakati, ndipo ndiyo yothandiza kwambiri wofunsa: tchulani muyezo pogwiritsa ntchito "ngati". "Ngati ukufuna kusunga magetsi, la LED ndilo limatha mayunitsi ochepa." Chiganizo chimenechi chasandutsa funso la "labwino" kukhala funso loyezeka. Tsono onani zimene zimachitika muyezo ukasintha. Tiyerekeze kuti mng'ono wanu sakufuna kuunikira chipinda, akufuna kufunditsa anapiye ongoswedwa kumene. Kutentha kuja kumene timakuona ngati kutaya magetsi ndiko akufuna, ndipo babu la LED la mawati 9 silingawafunditse. Mukanayankha mwachidule kuti "la LED ndiye labwino", akanalitenga yankholo ngati masiku 29 aja, n'kuika anapiye pa kuwala kopanda kutentha. Mfundo zanu zonse zikanakhala zoona, koma chigamulo chikanakhala cholakwika kwa iye.

Maganizo anu abwere pomaliza, ndipo muwalembe m'njira yoti mwini wake aoneke. Mawu olimba pa ntchito imeneyi ndi "kwa ine", "m'maganizo mwanga" ndi "ine ndingasankhe". "Ndikuona ngati" amagwiranso ntchito, koma amasonyeza kukayika pang'ono, ndiye agwiritseni pamene mukukayikadi. Pewani "zikuoneka kuti", chifukwa sanena amene akuona, ndipo amamveka ngati aliyense woyang'ana angaone zomwezo. Pewaninso "kapena" pamene mukutanthauza "mwina". Pa funso lokhala kale ndi "ili kapena ilo", kulemba kuti "kapena la LED" kungamveke ngati mukungobwereza zosankhazo.

Ena amaopa kupereka maganizo n'komwe, amangoti "zimatengera" n'kusiyira pomwepo. Sindigwirizana nazo. Munthu wafunsa chifukwa akufuna kumva kwa mkulu wake, ndipo "zimatengera" wopanda kunena kuti zimatengera chiyani samusiyira chogwira. Perekani chigamulo, koma chikhale ndi dzina lanu ndi chifukwa chake.

Uthenga wanu ukhoza kuoneka motere pa funso lachitatulo: "Za babu, poyamba zoyezeka. La LED la mawati 9 limawala molingana ndi lakale la mawati 60. Ukamayatsa maola 5 usiku uliwonse, pa mwezi lakale limatha mayunitsi 9, la LED mayunitsi 1.35. Lakale limakhala maola pafupifupi 1,000, ndipo opanga la LED amalemba maola 15,000 kapena kuposerapo. Lakale limatentha kwambiri. Ngati ukufuna kuunikira m'nyumba mosunga magetsi, la LED ndilo limatha ochepa. Ngati ukufuna kutentha, lakale ndilo limatulutsa. Tsono maganizo anga: la m'chipinda ine ndingasankhe la LED, chifukwa sindifuna kumasintha babu pafupipafupi. Ukulifunira ntchito yanji?"

Kafunso komalizako musakasiye, chifukwa yankho lake likhoza kusintha chigamulo chanu chonse. Mawu oti "poyamba zoyezeka" ndi "tsono maganizo anga" ndiwo malire amene wowerenga akuwafuna, ndipo m'Chichewa cholembedwa samveka achilendo.

Katsala kanthu kamodzi pa kasanjidwe. Funso la madzi labwera pambuyo pa la babu, ndipo mukatsatira ndondomeko ya mng'ono wanu, "madigiri 100" adzakhala moyandikana ndi "ine ndingasankhe". Kufewa kwa maganizo kukhoza kuyambukira nambalayo. Mungachite ziwiri: kuyankha atatu oyezekawo limodzi poyamba n'kusiya la babu kumapeto, kapena kusunga ndondomeko yake koma funso lililonse likhale ndi ndime yake yoyamba ndi mutu wake, monga "Za madzi". Ngati iye anaika manambala pa mafunso ake, sungani manambala omwewo ngakhale mwasintha ndondomeko, kuti asasokoneze yankho la funso lachitatu ndi lachinayi.