Masilaidi atatu papepala, ndi mizere yolembapo

Malume: Ana inu, ndani angandithandize? Ndili ndi masilaidi 26 mu PowerPoint, Lachisanu ndikukaphunzitsa anthu 40. Ndikufuna aliyense akhale ndi mapepala oti masilaidi angapo ali patsamba limodzi, pambali pakhale polemba. Ndayesa kupanga PDF koma ikungotuluka silaidi imodzi patsamba.

Yankho, mawu ojambula:

Malume, mwaswera bwanji? Ndangoti ndijambule mawu, kulemba kukanandichedwetsa. Yatsani laputopuyo tiziyendera limodzi, pomwe ndathamanga muziimitsa.

Chomwe chachitika n'choti mwasunga fayiloyo ngati PDF osasintha kalikonse, ndiye iyo imangotenga silaidi iliyonse n'kuipatsa tsamba lakelake. Ife tidzera kwina. Dinani File, kenako Print. Musaope, palibe pepala lituluke. Pomwe palembedwa Printer sankhani Microsoft Print to PDF. Ameneyo ndi pulinta wa dzina lokha, ntchito yake n'kutulutsa fayilo.

Tsopano yang'anani m'munsi mwa Settings. Pali kabokosi kolembedwa Full Page Slides. Mukakadina muona tizithunzi tambirimbiri pansi pa mawu oti Handouts: silaidi imodzi, awiri, atatu, anayi, 6 mpaka 9. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mwa onsewo, wokhala ndi mizere yolembapo ndi mmodzi yekha, wolembedwa 3 Slides. Masilaidi atatu amandandalikana kumanzere kutsika m'munsi, kumanja kwa iliyonse kuli mizere. Enawo alibe. Mukasankha 6 pofuna kusunga mapepala, tsamba lidzaza lonse, anthu azikalemba m'mphepete ngati akuba malo.

Pomwepo pali china chonyenga, cholembedwa Notes Pages. Dzinalo limakoka, munthu n'kumati eya, ndi chimenechi. Ayi. Chimenecho chimatulutsa silaidi imodzi patsamba, pansi pake n'kuika zija mumadzilembera nokha zoti muzikumbukira poyankhula. Ine zinandionekerapo, Malume. Ndinagawira anthu mapepala, pansi pa silaidi ina pali mawu anga oti "apa fulumira, anthu amakhala atatopa". Ndinangomva kuseka kumbuyo. Ndiye chimenecho chisiyeni.

Tiwerengere mapepala. Masilaidi 26, atatuatatu, ndi masamba 9, lomalizalo lili ndi awiri okha. Kusindikiza mbali zonse ziwiri, munthu mmodzi atenga mapepala 5, anthu 40 ndi mapepala 200. Koma ine ndikudziwa mmene mumakonzera zinthu zanu, pakati pamakhala silaidi ya nthawi yopuma, kumapeto ya "Zikomo". Zimenezo munthu sangalembepo kanthu. Tinene kuti ndi ya 13 ndi ya 26. Pa Print pomwepo pali kampata kolembedwa Slides, mulembemo chonchi:

```
1-12,14-25
```

Atsala 24. Amenewo ndi masamba 8 ndendende, mapepala anayi pa munthu, onse pamodzi 160. Mwapulumutsa mapepala 40 osataya phunziro ngakhale limodzi. Manambalawo musinthe malinga ndi mmene zilili kwanuko.

Eya, ndisanaiwale, ngati muli ndi masilaidi amene munawabisa, dinani kabokosi kapamwamba pa kampatako muone ngati pa Print Hidden Slides pali chizindikiro. Chikakhalapo chichotseni, apo ayi obisikawo atulukira nawo.

Koma chomwe ndikufuna mumvetsetse kwambiri ndi ichi. Silaidi ya masiku ano, yotambalala ija, m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 34. Ikalowa patsamba la atatu imafupika n'kutsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Zilembo nazonso zimachepa chimodzimodzi. Zomwe munalemba pa saizi 24 zimafika cha pa 6, zimawerengeka koma mosinzinira. Za saizi 12 zimatsala cha pa 3, pamenepo ndi nyerere basi, ngakhale wa magalasi sangatolepo kanthu. Ndiye pitani pa silaidi yomwe ili yothinana kwambiri, kawirikawiri imakhala ya tebulo la manambala, muone saizi yake. Ikakhala yaing'ono, musalimbane nayo. Ichotseni pa mndandanda uja, muipangire PDF yakeyake pa Full Page Slides, ikhale tsamba lapadera kumapeto. Kuyang'ana pa sikirini kumanamiza chifukwa mumatha kukulitsa, pomwe papepala palibe kukulitsa. N'chifukwa chake ndimati sindikizani kaye tsamba limodzi, mulitenge m'manja, muwerenge mutakhala pampando ngati wophunzira wanu. Musayambe ndi 160.

Za mtundu. Kabokosi kam'munsi kwenikweni kalembedwa Color. Ngati mukasindikiza zakuda ndi zoyera, sinthani panopa mukhale pa Grayscale, musadikire kuti akasinthe wosindikiza. Chifukwa chake n'choti PowerPoint ikamapanga yokha, silaidi ya kumbuyo kwakuda imaiyeretsa, zilembo n'kuzidetsa. Koma PDF ikapangidwa kale ndi mitundu, pulinta imangopaka chikuda chonsecho, inki n'kuthera pamenepo. Mukasintha, yendani tsamba ndi tsamba pachithunzi chakumanjacho. Muonetsetse magirafu: chofiira ndi chobiriwira zikasanduka zotuwa zimatha kufanana, munthu osadziwa kuti ichi n'chiti. Ndipo masilaidi oyera pa pepala loyera sadziwika pomwe athera, ndiye mu kabokosi ka Handouts kaja ikani chizindikiro pa Frame Slides, iliyonse ikhale ndi kamzere kozungulira.

China chimene chimadzidzimutsa anthu ndi zinthu zija zimatulukira chimodzichimodzi mukamadina. PDF siyenda. Zonse zimaoneka nthawi imodzi, ndiye ngati munasanjikiza chithunzi pamwamba pa chinzake, chapamwamba chiphimba chapansi. Komanso ngati pali funso loti yankho lake limabwera mukadina, papepala yankholo likhala lili poyera kale. Zoterezo konzani pa kope ina ya fayiloyo, yoyambayo isakhudzidwe.

Pakona yakumanja kumwamba muona deti. Limakhala la tsiku lomwe mwapanga fayilo, osati la Lachisanu. Dinani Edit Header & Footer pansi penipeni, mulowe pa Notes and Handouts, muchotse chizindikiro pa Date and time kapena musankhe Fixed mulembe deti lenilenilo. Page number musiye, mapepala akabalalika ndi imene imathandiza. Mukatha, Apply to All.

Pepala nalonso, dinani Printer Properties, kenako Advanced, muone kuti Paper Size ikugwirizana ndi mapepala omwe mukagwiritse ntchito. Ngati ndi A4 pakhale A4. Pakakhala Letter, posindikiza zimachepetsedwanso kapena kudukako m'mphepete.

Basi, dinani Print. Ikufunsani dzina la fayilo ndi poisunga. Mukasunga itseguleni muwerenge masamba, akhale 8. Mukapeza 24 ndiye kuti 3 Slides ija sinagwire, bwererani.

Kamodzi kokha, ngati PDF yomweyo mukufuna kuitumizanso pa foni za anthu ndipo muli malinki oti azidina, njira ya Print imeneyi imawapha malinkiwo. Pamenepo mudzere ku File, Export, Create PDF/XPS Document, mudine Options, pa Publish what musankhe Slides, ituluke silaidi imodzi patsamba. Imeneyo ituluka ndi mitundu yake. Koma ya pepala, ija yoyamba ndi yokwana.

Mukapanga muiponye muno m'gulu, ndiyang'ane silaidi ya tebuloyo madzulo ano musanapite nayo kosindikiza.