Akyumuleta si thanki: mawu a haidiroliki m'Chichewa cha maopareta

"Ndimaphunzitsa anyamata oyendetsa ekisikaveta pa kwale ina, ndipo ndikumasulira kabuku kathu m'Chichewa. Silinda, akyumuleta ndi rilifu valavu zandiimitsa mutu. Ndipeke mawu atsopano? Akyumuleta ndalemba kuti chosungira mafuta. Kodi zili bwino?"

Bambo, chosungira mafutacho fufutani lero lomwe. Mnyamata akawerenga zimenezo aganiza za thanki, mwinanso thanki ya dizilo, poti pa ntchito mafuta ndi dizilo, pomwe za mu haidiroliki timati oyilo. Ndipo thanki sayiopa. Akyumuleta ndiye ayenera kuiopa.

Maina a zipangizo musapeke. Opareta akaimbira makaniko foni amati silinda ya bumu ikudontha, wogulitsa masipeya naye amamva zomwezo. Mukamuphunzitsa dzina lopezeka m'kabuku kanu kokha, adzasowa womvana naye. Chichewa chanu chigwire ntchito pa mawu otsatira dzinalo, onena chimene chipangizocho chimachita ndi mmene chingapwetekere munthu.

Koma musanafike pa zitatuzo pali liwu lina limene limagwetsa omasulira ambiri, presha. Kuchipatala tinazolowera kuti kuthamanga kwa magazi, ndiye dzanja limangolemba lokha kuti kuthamanga kwa oyilo. Mu haidiroliki zimenezo n'zinthu ziwiri zosiyana. Kuchuluka kwa oyilo amene pampu ikutumiza pa mphindi ndiko kumachititsa kuti mkono uyende mwachangu kapena mwapang'onopang'ono. Presha ndi kupanikizika kwa oyiloyo akakumana ndi katundu, ndipo ndiyo imapereka mphamvu. Oyilo akhoza kuima chilili m'paipi, osayenda ngakhale pang'ono, presha ili pamwamba. Munthu wophunzitsidwa kuti presha ndi kuthamanga amakhulupirira kuti injini ikazima basi zatha. Lembani presha, mufotokoze kamodzi kuti ndi kupanikizika kwa oyilo.

Silinda isiyeni silinda, kungoti muzitchula ndi malo ake: ya bumu, ya mkono, ya baketi. Mukatero simuisokoneza ndi ya mu injini kapena ya gasi wowotcherera. Pofotokoza munene kuti ndi chitsulo champhako chokhala ndi pisitoni m'kati, ndi ndodo yonyezimira imene oyilo amaikankha kuti ituluke kapena kulowa. Ndikupemphani muikepo chitsanzo chimodzi cha manambala. Silinda ya mamilimita 100 m'mimba mwake ili ndi pisitoni ya masikweya sentimita 78.5. Pa presha ya mabaa 250 imakankha ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa matani pafupifupi 20. Ngati ndodo yake ndi ya mamilimita 70, mbali yobwezera imatsala ndi masikweya sentimita 40 okha, ndiye pobwerera imakoka matani pafupifupi 10. Kenako muwakumbutse kuti tayala la galimoto yaing'ono timalipopa mabaa awiri ndi pang'ono. Anyamata amakhala chete akamva zimenezo.

Rilifu valavu ine ndimaifotokoza kuti valavu yopungula presha. Kupungula tonse timakudziwa: ndowa ikadzaza mopitirira, umachotsako pang'ono, sukhuthula yonse. Valavuyi imagwidwa ndi sipuling'i. Presha ikafika pa muyezo umene inatcheredwa, pa maekisikaveta ambiri a matani 20 ndi chapafupi ndi mabaa 340 mpaka 350, imatseguka n'kubwezera oyilo wina ku thanki, presha ikatsika imatsekanso. Opareta amaimva ndi makutu. Silinda ikafika pamapeto iye akadakokabe liva, pamamveka kulira kwa tswiii, injini imalemedwa, ndipo akamachita kawirikawiri oyilo amatentha. Musalembe kuti valavu yochotsa presha. Paipi ikhoza kutsekera mabaa 200 makina atazima, valavuyi osatseguka, chifukwa muyezo wake sunakwane. Amene wawerenga kuti pali valavu yochotsa presha adzamasula nati ali phee mumtima.

Tibwerere kwa akyumuleta. Ndi botolo lachitsulo logawika pawiri m'kati ndi mphira kapena pisitoni. Mbali ina muli gasi wa nayitirojeni, mbali ina mumalowa oyilo. Oyilo sapanikizika kwenikweni, gasi ndiye amapanikizika, choncho oyilo akalowa gasiyo amafinyika ngati sipuling'i n'kumadikira mpata woti amukankhe kubwerera. Chimene botololi limasunga si oyilo chabe ayi, ndi mphamvu. Ine ndikanalemba chonchi: akyumuleta, botolo losunga presha ngakhale injini itazima. Mawu omalizirawo musawadule pofuna kufupikitsa mzere.

Pa gasiyo samalani ndi liwu loti mpweya. Kwa ife mpweya ndi umene timapuma, umene timapopera matayala, ngakhalenso wa m'masilinda a kuchipatala ndi a owotcherera. Mukalemba kuti dzazani mpweya, wina adzabwera ndi kompuresa, wina ndi okosijeni, ndipo okosijeni wopanikizika akakumana ndi oyilo amatha kuyaka n'kuphulitsa botolo. Lembani nayitirojeni yekha, ndi kuti amadzaza ndi makaniko wokhala ndi zida zake. Botololi saliboola, saliwotcherera, saliponya pamoto.

Pa ekisikaveta kabotoloka kali kakang'ono, kolumikizidwa ku mapaipi a maliva, amene presha yake imakhala chapafupi ndi mabaa 35 mpaka 40. Ntchito yake ndi yoti injini ikazima mwadzidzidzi bumu ili m'mwamba, opareta athebe kuitsitsa. Kabotolo komweko ndi kamene kamathandiza kuchotsa presha yotsala musanamasule paipi. Ndondomeko yake pa makina ambiri imayenda motere, ngakhale muyenera kuifananiza ndi buku la makina anuwo. Imikani pamalo osatsetsereka, tsitsani baketi igunde pansi, zimitsani injini. Nthawi yomweyo bwezerani kiyi pa ON osaliza, tsegulani liva ya loko, yendetsani maliva onse mbali zonse kangapo. Kenako zimitsani kiyi, tsekani loko, muchotse presha ya mu thanki ya oyilo pang'onopang'ono pa chitsekerero chake. Pomasulira sitepe imeneyi nenani kuchotsa presha yotsala, osati kutulutsa oyilo, kuopa kuti wina angakatsegule pulagi ya pansi pa thanki. Muonjezere kuti zimenezi sizichotsa nayitirojeni m'botolo.

Ndinaonapo makaniko wachikulire akuyesa kabotoloka asanagwire sipanala. Anauza opareta akweze baketi pang'ono chabe, azimitse, abwezere kiyi, akankhe liva yotsitsira bumu. Bumu sinasunthe. Mkuluyo anangoti, "Kafa aka, gasi anathawa." Tanthauzo lake linali lakuti kugwedeza maliva kuja sikukanachotsa chilichonse, presha ikanakhalabe m'mapaipi. Kuyesa kumeneku kulowe m'kabuku kanu, pafupi penipeni ndi ndondomeko ija.

Chenjezo la kudontha nalonso lisamveke ngati la denga la udzu. Paipi yobooka kabowo konga ka singano imatulutsa oyilo wolasa, amene amaboola khungu n'kulowa m'mnofu. Bala limaoneka laling'ono koma munthu amatha kudulidwa chala kapena dzanja. Lembani kuti pofufuza podontha agwiritse katoni, osati dzanja, ngakhale atavala magolovesi, ndipo wolasidwa apite kuchipatala nthawi yomweyo akanene kuti ndi oyilo wa presha.

Mukamaliza, musapereke kabukuko kwa mphunzitsi wa Chichewa poyamba. Tengani opareta mmodzi amene Chingerezi chimamuvuta, muime naye pa makina ozima, mumuwerengere mzere umodzi umodzi, iye azikulozerani chipangizocho ndi kuchita zimene wamva. Pamene waloza thanki inu mukunena akyumuleta, chongani mzerewo mukaulembenso.