Mukamukayikira mphunzitsi mnzanu, kaneneni lero

"Ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kuno ku Ntcheu. Mtsikana wa Sitandade 7 wandiuza akulira kuti mphunzitsi mnzanga amamutuma kukasiya makope kunyumba kwake, ndipo Lachisanu anamutsekera m'nyumba. Ndikufuna ndiyambe ndafufuza ndekha, ndisamunamizire munthu. Ndikulakwa?"

Aphunzitsi, kaneneni lero lomwe. Ntchito yopeza umboni ndi ya apolisi ndi achipatala, ndipo mawu amene mwanayo wakuuzani ndi okwanira kale kuti mukadziwitse.

Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nthawi. Ngati mwanayo anagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, kenako amamwedwa masiku 28. Zikachitika Lachisanu masana, maolawo amatha Lolemba masana. Sabata imene mungathere mukumuzonda mnzanuyo idzamulanda mwana mwayi umenewu, komanso zizindikiro zimene achipatala akanalemba pa lipoti zidzakhala zitazimiririka. Ngakhale maolawo atadutsa, apitebe kuchipatala, chifukwa pali matenda ena ndi mimba zofunika kuunika.

Mwanayo musamufunsenso. Mukati, "Anakugwira, eti?" mwamuika mawu m'kamwa. Akafotokoza kwa inu, kwa ahedi, kwa amayi a komiti, kenako kupolisi, nkhani imayamba kusiyana pang'onopang'ono chifukwa cha mantha ndi kutopa, ndipo kukhoti woimira mnzanuyo adzagwira pomwepo n'kunena kuti aphunzitsi ndi amene anamupangira mwana zonena. Lembani papepala mawu ake ndendende mmene anawalankhulira, tsiku, nthawi ndi malo, musayine. Muuzeni kuti wachita bwino kunena, kuti iye sanalakwe, komanso kuti muuza anthu ochepa okha amene angamuthandize. Musamulonjeze chinsinsi.

Mnzanuyo musamufunse ngakhale monong'ona. Ngati n'zoona, usiku womwewo afufuta mauthenga pafoni, amuopseza mwana kuti alephera mayeso, kapena afika kwa makolo ndi kathumba ka fetereza kuti nkhani ithere pamudzi. Zimandiwawa kuti milandu yotere imafera pomwepa, mphunzitsi n'kungopempha kusamutsidwa kukapeza ana ena. Kugona ndi mwana ndi mlandu wa boma. Mfumu kapena komiti ya sukulu ilibe mphamvu youthetsa ndi chindapusa, ndipo chiyambire 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana.

Auzeni ahedi, koma nkhani isathere mu ofesi mwawo. Akayamba za "tisaipitse mbiri ya sukulu", kapena ngati ndi bwenzi la woganiziridwayo, pitani kwa a PEA amene ndi alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lanu, kuofesi yosamalira anthu pa boma, kapena kunthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere. Makolo adziwitsidwe lero kuti aperekeze mwana kuchipatala.

Mukanena zimene mwamva kwa oyenera okha simunanamizire munthu. Ngati mnzanuyo ndi wosalakwa, kafukufuku wa apolisi ndi amene angamuyeretse, pomwe manong'onong'o a mu sitafurumu ndi pa gulu la WhatsApp angamuipitse iye pamodzi ndi mwanayo. Pakadali pano pemphani ahedi aletse kutuma ana kunyumba za aphunzitsi, ndipo mtsikanayo asakhalenso yekha ndi bamboyo.