92 peresenti imene inandigwetsa pa vaiva

"Anzanga thandizeni. Ine ndi mnzanga taika makhodi pa mayankho a anthu amene tinacheza nawo, tagwirizana 90 peresenti. Ndingolemba chomwechi mu lipoti, kapena pakufunika kapa? Nanga kapa yovomerezeka imayambira pati? A supavaiza sakuyankha foni."

Asisi, musatumize kaye chapitalacho. Ine mpaka lero ndikakumbukira, m'mimba mumandiwotcha.

Yanga inali 92. Ndinacheza ndi odwala chifuwa chachikulu ku Kanyama ndi ku Chawama mumzinda wa Lusaka, zocheza zija ndinazidula m'zidutswa, zidutswa 100 ndinampatsa mnyamata wina wa m'kalasi mwathu kuti aikepo makhodi payekha, ine ndikuika anga. A supavaiza anga anangoyang'ana pepala ataimirira pakhomo la ofesi, makiyi a galimoto ali m'manja, akuti 92 ndi yabwino kwambiri, lembani. Ndinalemba, ndinapulinta makope atatu, ndinakamangitsa ndi ndalama yokongola.

Tsiku la vaiva ndinadzuka 4 koloko, malaiti kulibe, malaya ndinasita ndi nsimbi ya makala ya aneba. Mafunso oyamba anayenda bwino mpaka ndinayamba kumwetulira. Kenako mayi wina woyesa, wochokera kuyunivesite ina, anatsegula pa khodi ya "kusalidwa", imene inali mtima wa ntchito yanga yonse. Anafunsa modekha kuti pa zidutswa 100 zija, inu munati kusalidwa kulipo pa zingati? Ndinati 6. Nanga mnzanu? 6. Ndiye 6 zanuzo ndi zomwezo za mnzanu? Ndinafufuza m'mapepala manja akunjenjemera. Tinakumana pa ziwiri zokha. Zinayi ndinaziona ndekha, zinayi zina anaziona yekha, ndipo pa zidutswa 90 tonse tinati palibe. Mayiyo ananyamuka, anatenga cholembera, anayamba kuwerengera pa bolodi pamaso pa anthu onse. A supavaiza anga, amene anandiuza kuti lembani aja, anali kuweramira foni ngati sakundidziwa.

Zimene mayi woyesayo analemba ndi izi, ndinazijambula misozi ili m'maso:

```
kappa = (po - pe) / (1 - pe)
po = (2 + 90) / 100 = 0.92
pe = (0.06 x 0.06) + (0.94 x 0.94) = 0.887
kappa = 0.29
```

Po ndi pamene tinagwirizana. Pe ndi pamene tikanagwirizana mwangozi chabe, ngakhale tisanawerenge chidutswa chilichonse. Khodi ikakhala yosowa, munthu wongolemba "palibe, palibe, palibe" maso ali otseka amagwirizana ndi mnzake pafupifupi paliponse. Ndiye mu 92 yanga ija, pafupifupi 89 inali yaulere. Kapa ya Cohen, imene inatuluka mu 1960, ntchito yake ndi kuchotsa gawo laulerelo n'kuona kuti mwa chotsalacho mwapezapo chochuluka bwanji. Ine ndinapezapo 0.29.

Chimene chinandiwawa kwambiri, anandipempha khodi ina, ya ndalama ya basi yopitira kukatenga mankhwala. Pamenepo tinagwirizana kuti ilipo pa zidutswa 46, kuti palibe pa 46, n'kusiyana pa 8, zinayi uku zinayi uko. 92 peresenti yomweyo. Kapa yake 0.84. Makhodi awiri, peresenti imodzi, koma ina yolimba ina yowola. Ine ndinali nditazisakaniza m'chiganizo chimodzi n'kumanyadira.

Mnyamata uja nayenso! Pambuyo pake anavomera kuti buku la makhodi sanalitsegule n'komwe, anaika makhodiwo usiku umodzi akuonera mpira, pamene ine ndinamugulira nsima ndi nkhuku sabata yathunthu. Kwa iye wodwala akanena kuti "kunyumba anandipatsa kapu yanga ndekha", amati ndi ukhondo, si kusalidwa. Ndinamukwiyira miyezi iwiri. Koma kunena zoona buku langalo likanamuthandiza pang'ono pokha, chifukwa tanthauzo la kusalidwa ndinalilemba mzere umodzi, popanda chitsanzo ngakhale chimodzi. Komabe akanafunsa.

Oyesa anandipatsa miyezi itatu yokonza. Ndinalemba tanthauzo latsopano, zimene zikulowa, zimene sizikulowa, ndi nkhani ya kapu ija ngati chitsanzo. Ndinapeza mtsikana wina wa ku Kalingalinga, tinayeserera limodzi pa zidutswa zakale zija, kenako aliyense anatenga zidutswa 100 zatsopano n'kukagwira kwawo osakambirana. Tinakumana pa 8, tinasiyana pa 4, ziwiri ine ziwiri iye, ndipo pa 88 tonse tinati palibe. Kapa 0.78. Apa samalani: mukakhala pansi n'kuthetsa kusiyana kwanu, musawerengerenso kapa pa zidutswa zomwezo. Idzakwera ndithu, poti mwauzana mayankho. Yolemba mu lipoti ndi ya musanakambirane.

Za malire, palibe lamulo limodzi. Anthu ambiri amatchula Landis ndi Koch, 1977: kuyambira 0.21 mpaka 0.40 ndi yochepa, 0.41 mpaka 0.60 yapakatikati, 0.61 mpaka 0.80 yaikulu, kupitirira apo yatsala pang'ono kukhala yangwiro. Koma magawo amenewa anangowadula kuti anthu azimvana, sanachokere m'masamu ena ake. Krippendorff, amene muyezo wake wotchedwa alifa umagwira ngakhale oika makhodi apitirire awiri kapena wina atadumpha zidutswa zina, ndi wovutirapo: amafuna 0.800, ndipo pakati pa 0.667 ndi 0.800 amati munene zopezazo mosamala, ngati zongoyembekezera. Choncho 0.78 yanga kwa ena ndi yaikulu, kwa ena ndi yoyendera ndodo. Sankhani muyezo umodzi musanaone zotsatira, muutchule dzina, ndipo funsani ku dipatimenti kuti iwo amatsatira uti.

Mu lipoti lembani oika makhodi anali angati, anaphunzitsidwa bwanji, zidutswa zingati mwa zonse ndipo munazisankha bwanji, kenako khodi iliyonse payokha ikhale ndi peresenti, kapa, ndi manambala anayi aja: pamene nonse munati ilipo, pamene nonse munati palibe, pamene munaiona nokha, ndi pamene mnzanu anaiona yekha. Osaphatikiza makhodi onse kukhala kapa imodzi, chifukwa yowola imabisala kumbuyo kwa zolimba. Ngati muli ndi SPSS, makhodi anu mu kholamu imodzi, a mnzanu mu ina, ndiye:

```
Analyze > Descriptive Statistics > Crosstabs > Statistics > Kappa
```

Koma musaipembedze kapayi. Khodi ikakhala yosowa kwambiri, kusiyana pa zidutswa ziwiri zitatu zokha kumaigwetsa ngakhale nonse mwagwira bwino ntchito, ndipo woyesa wanzeru amamva mukamuonetsa manambala anayi aja n'kufotokoza. Ndikanakhala wolimba mtima tsiku lija mwina ndikanalimbana nawo pamenepo. Ngakhale, tsk, ziwiri mwa khumi ndikanaziteteza bwanji? Ine pandekha chilichonse chochepera 0.61 sindipita nacho m'chipinda chija, kaya chili ndi chifukwa kaya chilibe.

Ponyani manambala anu anayi a khodi yosowa kwambiri pansipa, ndikuwerengerani usiku uno malaiti akabwera. Ndipo a supavaizawo alembereni meseji, osati kuimba, kuti tsiku lakelo mudzakhale ndi umboni wa zimene anakuuzani.