Kuchongetsanso pepala la mayeso: kodi malikisi angatsike?

"Mwana wanga wapeza C pa phunziro lomwe tinkayembekezera B. Ndikufuna pepala lake lichongedwenso, koma ndikuopa kuti malikisi angatsike. Nditani?"

Inde mayi, akhoza kutsika, ndipo akatsika giredi yatsopanoyo ndi imene imakhala. N'chifukwa chake mabungwe ambiri a mayeso amafuna kuti wolemba mayesoyo avomereze yekha posaina, osati kholo lokha. Musanatulutse ndalama, funsani kusukulu zinthu ziwiri: malikisi enieni amene wapeza, ndi malire a magiredi a chaka chimenecho.

Tiyerekeze kuti B imayambira pa 60 ndipo C pa 50. Mwana amene wapeza 58 wapereŵera ndi malikisi 2 okha, pomwe kuti agwere pa D ayenera kutaya 9. Ameneyu apemphe ndithu. Koma wa 51 akusaka malikisi 9 ataima m'mphepete mwa dzenje, poti kungotaya 2 ndiye kuti C ija yapita. Onsewa papepala la zotsatira akuoneka ofanana. Wa 51 ndingamuuze kuti asiye.

Dziŵaninso chimene mukulipira. Pali kuwonkhetsanso chabe, komwe amangoona ngati mayankho onse anachongedwa, ngati samu yophatikiza ili bwino, komanso ngati malikisi analoŵetsedwa molondola. Kumeneku n'kotchipa. Kodula n'kuunikanso kachongedwe, ndipo apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Wochonga wachiŵiri sayamba mwatsopano ayi. Amaona ngati woyamba anatsatira ndondomeko yoperekera malikisi. Ku England, kuyambira 2016, malikisi amasinthidwa pokhapokha papezeke cholakwika, osati chifukwa wachiŵiriyu akanapereka mowoloŵa manja. Pa mafunso osankha yankho palibe chokambirana kwenikweni. Mpata uli pa zimangirizo ndi mayankho aatali.

Ngati bungwelo limalola kuona kope la pepala, yambirani pamenepo. Aphunzitsi aliŵerenge atagwira ndondomeko ija, aloze kuti funso lakutilakuti lamanidwa malikisi. Akapanda kupeza poloza, sungani ndalama zanu.

Malipiro nthaŵi zambiri amaŵerengedwa pa pepala lililonse, osati pa phunziro, choncho sankhani pepala lomwe mukulikayikira. Kumene amabweza ndalama, kaŵirikaŵiri amatero giredi ikasintha. Kukwera kuchoka pa 58 kufika pa 59 sikubwezetsa kanthu.

Pa masiku pokha musazengereze. Ku bungwe la mayeso la Cambridge International, mwachitsanzo, kulandira mapempho a mayeso a Juni amatseka pa 20 Seputembala, a Novembala pa 26 Febuluwale, ndipo pempho limadzera kusukulu kapena kumalo olembera, osati kwa inu mwachindunji. Sukulu imaika tsiku lakelake lofulumirirapo kuti ikonze mafomu, ndipo tsiku loti mulembe pakalendala ndi limenelo. Ngati malo akukoleji akudikira giredi imeneyi, funsani ngati pali njira yachangu, yomwe imatsekedwa msanga kwambiri, ndipo auzeni akukoleji kuti pempho laloŵa.